Ku msonkhano wa kunyanja ndi funso limodzi m'thumba

Lachitatu, kuchoka ku Limbe kupita ku Mangochi

Tanyamuka ku Limbe dzuwa lisanawawe, kudzera ku Zomba, kupita ku msonkhano wa owerengera ndalama. Ndakwera galimoto ya mayi wina amene tinkangodziwana nkhope ku maphunziro a zamisonkho, ndipo ndinachita kusankha dala kutero m'malo mokwera basi ya anzathu. M'basi anthu amaimba, kuseka ndi kufuulirana kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, moti munthu ngati ine ndimakafika nditatheratu msonkhano usanayambe n'komwe. M'galimoto ya anthu atatu nkhani imayenda modekha, nonse maso ali pamsewu, ndipo mukakhala chete palibe amene amadabwa. Pamene timawoloka Shire pa Liwonde n'kuti ndikudziwa kale kuti mayiwa amasunga mabuku a fakitale ya zakudya, ndiponso kuti chimawasowetsa tulo n'chomwe chimandisowetsa ine tulo: ngongole za madola.

Ndine wowerengera ndalama pa kampani yaing'ono yoitanitsa zipangizo za makina kuchokera kunja. Anthu sindiwaopa, ndipo ndikakhala ndi munthu mmodzi ndimacheza mpaka kuiwala nthawi. Chimene chimanditopetsa ndi chigulu, phokoso, ndi macheza a mphindi ziwiri amene amatha ndi kupatsana makhadi a bizinesi. Ku ofesi ndili ndi dilowa imene muli makhadi a misonkhano ya m'mbuyomu, omangidwa ndi mphira. Ndikatenga limodzi ndimaona dzina ndi udindo, koma nkhope sindiikumbuka, zomwe tinakambirana sindizikumbuka, ndipo ndilibe chifukwa choimbira munthuyo. Ndaonanso kuti nthawi zambiri khadi limatuluka pamene munthu akufuna kutsanzika. Akakupatsa ndiye kuti nkhani yatha, maso ake ali kale pa wina.

Ulendo uno makhadi sindinasindikizitse. Ndatenga kabuku kakang'ono, cholembera, ndi funso limodzi lenileni limene ndikufunadi yankho lake.

Funsolo ndi ili. Tinene kuti tili ndi ngongole ya madola 50,000 kwa amene amatigulitsa katundu. Mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Ngongole imene m'mabuku inali K59 miliyoni inasanduka K85 miliyoni usiku umodzi, popanda ngakhale bawuti imodzi yowonjezera m'sitolo. Zimenezo tinazilemba, zinapita. Chovuta n'chakuti ukapempha madola ku banki umadikira nthawi yaitali, ndipo nthawi zina umapatsidwa gawo chabe la zomwe unapempha. Muyezo wa IAS 21, umene umatsogolera kalembedwe ka ndalama zakunja m'mabuku a makampani, unasinthidwa mu Ogasiti 2023 kuti ufotokoze zoyenera kuchita pamene ndalama ya dziko sikusinthika ndi ndalama yakunja, ndipo kusinthaku kunayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025. Ndikufuna kudziwa kuti odita adzandifunsa umboni wanji, kuti ndiyambe kuusonkhanitsa panopa.

Usiku uno ndakhala ndi pulogalamu ya msonkhano pabedi, n'kuchonga mayina atatu okha: mayi wina wa kampani ya maodita amene ali pa gulu lokambirana mawa m'mawa, bambo wina wamkulu wa ku banki, ndi mphunzitsi wa ku yunivesite amene ndinawerengapo zolemba zake. Pa dzina lililonse ndalemba chiganizo chimodzi cha zomwe ndingamufunse iyeyo, zimene sindingafunse wina aliyense. Anthu abwera mazanamazana, koma atatuwa akundikwanira. Panja achule akulira, ndipo mafunde akumveka chapansipansi.

Lachinayi

Ndinalowa m'holo anthu asanadzaze, pamene ogwira ntchito anali kuyesa maikolofoni. Kufika msanga kumathandiza kwambiri munthu wosakonda chigulu, ngakhale ambiri a ife timachita zosiyana: timachedwa dala kuti tikangolowa mwakachetechete. Ukachedwa umapeza anthu atapanga kale timagulu tawo, misana ili kunja, ndipo kulowerera pamenepo kumafuna mphamvu zambiri. Ukafulumira, obwera pambuyo ndi amene amakupeza n'kukupatsa moni. Ndinakhala mpando wa m'mphepete mwa kanjira, chapakati, kuti ndikafuna kutuluka ndisadumphe miyendo ya anthu.

Pafupi nane panadzakhala mnyamata wa ku khonsolo ina ya kumpoto. Titalonjerana, sindinamufunse kuti amagwira kuti, chifukwa baji yake inali itanena kale. Ndinati, "Achimwene, pa nkhani zonse zili pa pulogalamuyi, ndi iti imene yakuyendetsani mtunda wonsewu?" Anaseka, n'kuyamba kufotokoza za kuwerengera katundu wa khonsolo amene zikalata zake zinasowa kalekale. Analankhula mpaka mwambo unayamba, ine ndikungomvetsera ndi kufunsa apo ndi apo. Funso limeneli ndimalikonda chifukwa limamusiyira mnzako ntchito yolankhula, ndipo kumvetsera ndiye kumene ndimakutha.

Pa nthawi ya tiyi makhadi anayamba kuuluka. Wina akandipatsa sindikana, chifukwa kukana chinthu chimene munthu wakutambasulira ndi mwano, makamaka akakhala wamkulu. Ndimalandira ndi manja awiri, n'kuliwerenga iye akuona, n'kufunsa kanthu kamodzi kochokera pakhadipo, monga ngati nthambi yawo ya ku Mzuzu ikadalipo. Kenako ndimanena mosabisa kuti, "Pepani, ine khadi ndilibe, koma ndikulemberani." Mawu omalizawa ndimawanena pokhapokha ngati ndikudziwa chimene ndikalembe. Ngati palibe, ndimangothokoza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaoneka wokhumudwa.

Mayi wa maodita uja analankhula bwino, mosazungulira. Nthawi ya mafunso sindinakweze dzanja. Funso langa lili ndi manambala a kampani yathu, si lofuulira pa maikolofoni, ndipo yankho la pagulu limakhala losamala kwambiri, lopanda mnofu. Atatsika pa nsanja anazingidwa ndi anthu ambiri, aliyense khadi lili m'manja. Pamzere umenewo sindinaimepo. Munthu amene wangomaliza kulankhula amakhala ndi ludzu, mutu uli wee, ndipo nkhope zonse za pamzerewo zimasakanikirana.

Ndinawapeza pa nkhomaliro, ataima okha kudikira kuti abweretse nsima ina. Ndinati, "Mayi, munanena kuti kudikira kwa masiku ochepa kwa mapepala si umboni woti ndalama sikusinthika. Ife timapempha madola n'kupatsidwa theka patapita miyezi. Inu mukabwera kudzaona mabuku athu, mudzafuna kuona chiyani?"

Anaika mbale pansi n'kundiyang'ana. "Mumalemba tsiku limene mwapempha?"

"Makalata alipo, koma ali balala m'mafayilo."

"Ndiye poyambira ndi pamenepo. Mawa ndatanganidwa, koma Loweruka m'mawa tikhale pansi pang'ono. Ndipatseni nambala."

Ndinatsegula WhatsApp, kupita pa Settings, n'kudina kachizindikiro ka QR kamene kali pafupi ndi dzina langa. Iwo anajambula ndi foni yawo, nambala yanga n'kulowa, ndipo ananditumizira moni kuti nanenso ndikhale ndi nambala yawo. Pomwepo ndinawatumizira uthenga wa mzere umodzi wonena dzina langa, kampani yathu, ndi mawu oti "nkhani ya madola ndi IAS 21, Loweruka m'mawa." Kauthenga kameneka n'kofunika kuposa nambalayo, chifukwa mawa akaona dzina lachilendo m'foni adzadziwa kuti ndine uti. Ine ndinasunga nambala yawo ndi dzina, n'kuwonjezera "odita, Mangochi, madola." Macheza onse sanapitirire mphindi zisanu.

Cha m'ma 4 koloko mutu unayamba kulemera, ndipo ndinaona kuti anthu akamalankhula ndikungogwedeza mutu osamva kanthu. Chimenecho ndicho chizindikiro changa. Ndinadumpha gawo lomaliza la tiyi, n'kukagona chagada m'chipinda, makatani otseka, foni ili chete. Madzulo kunali chakumwa cha pamchenga. Ndinapita koyambirira, nyimbo zisanakwezedwe, ndinacheza ndi mayi wa galimoto uja ndi mnzake, ndipo oimba atayamba kuyesa ng'oma ndinatsanzika.

Lachisanu

Usiku tulo tinavuta. Maganizo ankangobwerera ku nkhomaliro ija: kodi sindinawadule mayi aja akufuna kudya, kodi funso langa silinaoneke lachibwana? Chimene chimandikhazika mtima pansi pa nthawi ngati imeneyi ndi kafukufuku amene Erica Boothby ndi anzake anafalitsa mu 2018. Anapeza kuti anthu akacheza ndi munthu wachilendo, kawirikawiri amaganiza kuti mnzawoyo sanasangalale nawo kwenikweni, pamene mnzawoyo akafunsidwa amanena kuti anasangalala kuposa mmene iwo akuganizira. Anapezanso kuti kusiyana kumeneku kumakula mwa anthu amanyazi. Chifukwa chake n'chomveka: iwe umakhala ukuwerenga zophonya zako, mnzako akuwerenga zake. Ndimaona kuti anzanga ambiri ofatsa amataya maubwenzi abwino pa malo amenewa, osati pa msonkhano penipeni. Amacheza bwinobwino, kenako usiku amadziweruza okha, n'kulephera kutumiza uthenga umene analonjeza.

Ndinadzuka m'mamawa n'kukayenda m'mbali mwa nyanja. Asodzi anali kukokera mabwato kumtunda, amayi atazungulira ndi mabeseni, ndipo usipa unali kung'anima pa mchenga wonyowa. Mapiri a kutsidya sankaoneka bwino chifukwa cha utsi wa nyengo ino. Pobwerera ndinakumana ndi anthu awiri a pamsonkhano akuyendanso, opanda mataye, opanda mabaji. Tinayenda limodzi mpaka ku chakudya cha m'mawa. Tebulo la m'mawa ndi malo abwino koposa onse: anthu amabwera mmodzimmodzi, palibe nyimbo, ndipo kufunsa kuti "pano pali munthu?" n'kokwanira.

Kwa bambo a ku banki aja njira yanga sinagwire. Ndi munthu wamkulu, amayenda ndi anthu omuperekeza, ndipo atangomaliza kulankhula anali kuthamangira galimoto. Ndinangokwanitsa kupereka moni ndi kuyamba chiganizo. Anandipatsa khadi mwaulemu n'kunena kuti ndilembere ku ofesi yawo. Pamenepa pali malire amene ndiyenera kuwavomereza. Munthu wa msinkhu ndi udindo umenewo sungamuuze kuti atulutse foni ajambule QR yako, ndipo nambala yake ya m'thumba si yopempha tsiku loyamba. Kwa iwo khadi ndilo khomo loyenera. Ndinalijambula ndi foni kuti lisasowe, n'kulemba m'kabuku kuti imelo yake ikhale yaifupi, ya funso limodzi.

Koma pambali pawo panali mtsikana wonyamula laputopu, amene palibe ankamulabadira. Baji yake inasonyeza kuti ali ku gawo la ndalama zakunja. Abwana atakwera galimoto iye anatsala, ndipo ndinamufunsa kuti, "Achemwali, mapempho a madola amadutsa pa desiki panu?" Anati tsiku lililonse. Tinakhala pa benchi pansi pa mtengo, ndipo anandifotokozera zimene abwana ake sakanakhala ndi nthawi yofotokoza. Anati mapempho ambiri amabwezedwa chifukwa cha mapepala: invoisi yosagwirizana ndi zikalata za kasitomu, dzina la wogulitsa lolembedwa mosiyana pa mapepala awiri, kapena chikalata chimene chatha nthawi pempho lili pamzere. Anandilangiza kuti pempho lililonse lizikhala ndi kalata yolandirira yokhala ndi tsiku ndi chidindo, ndipo ndikapatsidwa gawo chabe ndizipempha kuti alembe kuti chotsala ndi chingati. Ameneyu tinalumikizana pa LinkedIn, chifukwa anati nambala yake sapereka kwa makasitomala, ndipo ndinamumvetsa. LinkedIn nayonso ili ndi QR yake, ukadina pa malo ofufuzira pamwamba.

Anthu ambiri pa misonkhano amathamangira amene ali pa nsanja. Ine ndaona kuti amene amagwira ntchitoyo ndi manja amakhala pamzere wachiwiri, ali ndi nthawi, ndipo amasangalala wina akawafunsa za ntchito yawo. Nthawi zambiri nawonso amakhala anthu ofatsa amene akusowa wolankhula naye.

Madzulo kunali mgonero waukulu, wa masuti ndi madiresi aatali. Sindinakhale ndi anzanga a ku Blantyre, ngakhale mtima unkafuna, chifukwa ukakhala ndi odziwana nawo usiku wonse umatha mukukamba za ku ofesi. Ndinakhala ndi mayi wa galimoto uja, ndipo nditaona mtsikana wa ku banki akufunafuna pokhala ndinamukodola. Ndinangoti, "Mayi awa ali ndi vuto la madola ngati langa, ndipo achemwali awa ndi amene amaona mapepala ake." Basi, nkhani inayaka yokha, ine ndikudya chambo changa mwamtendere. Kulumikiza anthu awiri amene akufunana ndi ntchito yopepuka kwa munthu wosakonda kulankhula, chifukwa umanena chiganizo chimodzi, ndipo onse awiri amakukumbukira.

Wina pa tebulo anatsegula gulu la WhatsApp la "tebulo lathu" n'kutiikamo tonse. Ndinalitseka mawu. Magulu otere amadzaza zithunzi kwa masiku ochepa kenako n'kuzizira, ndipo palibe amene amamva kuti uthenga wa pagulu ndi wake woti ayankhe. Amene ndikufuna kulankhula naye ndidzamulembera payekha.

Loweruka

Mayi wa maodita anasunga lonjezo. Tinakhala pakhonde ndi tiyi, iwo atavala chitenje ndi masilipasi, katundu wawo ali kale m'galimoto. Ndinabwera ndi kabuku kotsegula pa tsamba la mafunso kuti ndisawatayitse nthawi.

Anandiuza kuti muyezowo umafunsa zinthu ziwiri motsatana. Choyamba, kodi pa tsiku lotseka mabuku kampani ikanatha kupeza ndalama yakunjayo, pa cholinga chimene ikuifunira, mkati mwa nthawi yabwinobwino ya mapepala, kudzera m'njira imene malamulo angaiteteze? Ngati zomwe ingapeze ndi zochepetsetsa poyerekeza ndi zomwe ikufuna, ndiye kuti ndalamayo sikusinthika. Chachiwiri, zikakhala choncho, kampani iyenera kuyerekeza yokha mtengo wosinthira wa tsikulo, n'kufotokoza m'malipoti mmene yaupezera ndi mmene zikukhudzira chuma chake. Anatsindika kuti chigamulocho si cha kampani imodzi payokha m'chipinda, ndi chokambirana ndi odita ako komanso kumvera chitsogozo cha bungwe lathu la owerengera ndalama la ICAM. Koma chilichonse chimene chidzagamulidwe, adzafuna kaundula: tsiku lopempha, banki, kuchuluka kwa madola, cholinga, tsiku lopatsidwa, zomwe zapatsidwa, ndi mtengo wake. Anajambula mizere isanu ndi iwiriyo m'kabuku kanga ndi cholembera changa.

Pamenepo ndinawauza zimene mtsikana wa ku banki ananena za kalata yolandirira yokhala ndi chidindo ndi kulembetsa chotsala. Anaima kaye, n'kuti, "Zimenezo makasitomala anga ambiri alibe. Mukakonza kaundula wanuyo munditumizire ndione, mwina ndingawapatseko ena." Ndinasangalala kwambiri, chifukwa tsopano ndili ndi chowapatsa, osati chowapempha chokha. Ubwenzi wa pantchito umene mmodzi amangofunsa ndipo wina amangoyankha sukhalitsa.

Mphunzitsi wa ku yunivesite uja sindinamuone n'komwe. Ndamva kuti anabwera tsiku limodzi lokha n'kubwerera. Ndidzamulembera imelo yotchula nkhani yake imene ndinawerenga ndi ndime imene ndili nayo funso.

Pobwerera tinaima m'mbali mwa msewu kugula nsomba zouma ndi malambe a ana. Dzuwa linali kuswa mtengo, ndipo nyanja ya Malombe inkaoneka mwa apo ndi apo kumanzere, kuseri kwa migwalangwa. M'galimoto tinakhala chete pafupifupi mpaka pa Ulongwe. Kenako mayi aja anati akufuna tizikumana kamodzi pamwezi, ife awiri ndi wina wa ku fakitale ya mapulasitiki, kuti tiziyerekeza mmene mapempho athu akuyendera. Ndinavomera mosazengereza. Anthu atatu pa tebulo limodzi, ndi nkhani yodziwika, ndi macheza amene ndimawatha.

Lamulungu

Sindinalankhule ndi munthu wa kuntchito aliyense. Nditachoka ku tchalitchi ndinachapa, kugona, n'kukhala pakhonde ndi ana. Tsiku lopuma ngati limeneli ndimaliika pa ndondomeko ya ulendo ndisananyamuke, ndipo kunyumba amadziwa.

Lolemba, ku Limbe

Ndisanatsegule maimelo a kuntchito ndinatenga kabuku kaja n'kulemba mauthenga, nkhope zikadali m'maso. Ndikadikira mpaka Lachisanu, anthuwa adzakhala atamira m'ntchito zawo, ndipo ine ndidzakhala nditapeza zifukwa zosalembera. Uthenga uliwonse uli ndi zinthu zitatu: pamene tinakumana, chinthu chimodzi chimene munthuyo ananena, ndi chimene ndikuchita kapena kupempha. Kwa mayi wa maodita ndinalemba kuti:

"Mwadzuka bwanji mayi. Ndine uja tinamwa tiyi pakhonde Loweruka, wa nkhani ya madola. Zikomo kwambiri chifukwa cha mizere isanu ndi iwiri ija. Ndayamba kuika mapempho athu a chaka chino mu kaundula, ndipo ndawonjezera mzere wa kalata yolandirira. Ndikutumizirani wopanda manambala athu pofika Lachitatu kuti muuone."

Mawu oti "tizilumikizana" sindinawalembe kwa aliyense, chifukwa samuuza munthu choti achite. Kwa mtsikana wa ku banki ndinathokoza, n'kumuuza kuti ndapeza kale invoisi imodzi imene dzina la wogulitsa likusiyana ndi la pa chikalata cha kasitomu, ndipo tikuikonza tisanaipereke. Kwa abwana ake ndinalemba imelo ya mizere inayi ku adiresi ya pakhadi, ndipo ngati sayankha sindidzawavutitsa. Mnyamata wa ku khonsolo ndinamutumizira dzina la mnzanga amene anagwirapo ntchito yowerengera katundu wopanda zikalata, nditayamba ndamupempha mnzangayo chilolezo. Makhadi ena onse amene ndinalandira, amene ndilibe chowalembera eni ake, ndawajambula n'kuwaika mu dilowa.

Pofika masana mayi wa maodita anali atayankha. Akuti Lachinayi adzakhala ku Blantyre kwa kasitomala wina, ndiye ndipite ndi kaundulayo pamodzi ndi makalata a mapempho atatu omaliza, tikaonere limodzi pa nthawi ya nkhomaliro. Makalata awiri ndawapeza kale. Yachitatuyo ili m'fayilo ya ku sitolo, ndipo ndatuma kuti aibweretse mawa m'mawa.